Matumba 9 pa Sikelo: Kodi Kuperewera kwa Magalamu 600 ndi Umboni?

Pa thumba la feteleza pamalembedwa kuti 50 kg, koma amene anaimapo pafupi ndi sikelo akudziwa kuti si thumba lililonse limene limafika ndendende pamenepo. Lina limapitirira pang'ono, lina limaperewera, chifukwa makina othira ndi kusoka matumba sangabwereze mlingo umodzimodzi mpaka pa galamu. Choncho mlimi akapima thumba limodzi n'kupeza 49.5 kg, palibe mlandu umene angaimbe munthu. Nkhani imayamba kuvuta akapima matumba angapo n'kupeza kuti avareji yake ili pansi pa 50. Kodi pamenepo wagwira wolongedza akuba pa sikelo, kapena zangochitika kuti manja ake anagwera pa matumba opepukirapo?

Funso limeneli ndi limene ophunzira sitatisitiki a chaka choyamba ku yunivesite amakumana nalo akafika pa mutu wa kuyesa ganizo lonena za avareji. Ambiri amaloweza masitepe ake, n'kumapeza nambala yolondola, koma ukawafunsa kuti nambalayo ikunena chiyani amayamba kukanda mutu. Masamu ake ndi apafupi. Chovuta ndi kudziwa funso lenileni limene masamuwo akuyankha, chifukwa ndi funso laling'ono kuposa mmene ambiri amaganizira.

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi yagula matumba 400 a feteleza, ndipo anthu ayamba kung'ung'udza kuti matumbawo ndi opepuka. Kupima onse 400 ndi ntchito ya tsiku lathunthu, choncho agwirizana kupima 9 okha. Manambala otsatirawa ndi ongophunzirira, osati a kampani iliyonse.

Zoyenera kulemba sikelo isanagwire ntchito

Thumba loyamba lisanakwere pa sikelo, pali zinthu zimene ziyenera kukhala zitalembedwa kale pa pepala. Choyamba ndi maganizo awiri otsutsana. Loyamba, limene mabuku amalilemba kuti H0, limanena kuti palibe chachilendo, ndiko kuti avareji yeniyeni ya matumba onse ndi 50 kg monga walonjezera wolongedza. Lachiwiri, lolembedwa H1, ndi limene alimi akuliganizira, loti avareji yeniyeniyo ili pansi pa 50 kg. Avareji yeniyeniyi, ya matumba onse kuphatikizapo amene sitidzawapima, imaimiridwa ndi chilembo cha Chigiriki μ.

```
H0: μ = 50
H1: μ < 50
```

Onani kuti maganizo onse awiri akunena za μ, osati za avareji ya matumba 9 amene tipime. Avareji ya matumba 9 sifunika kuyesedwa, tidzaiona ndi maso athu. Chimene sitikuchidziwa ndi cha mulu wonse. Wophunzira amene walemba H0 pogwiritsa ntchito avareji ya sampulo wasochera asanachoke pakhomo.

N'chifukwa chiyani timayamba ndi kuvomera mawu a wolongedza, pamene amene tikuwathandiza ndi alimi? Sikuti tikumukondera. Chifukwa chake ndi cha masamu. Ganizo loti avareji ndi 50 limatipatsa nambala imodzi yoti tiwerengerepo, moti tingathe kunena kuti ngati ndi zoona, sampulo ya matumba 9 iyenera kutuluka motani. Ganizo loti avareji ili pansi pa 50 silitchula nambala. Mwina ndi 49.9, mwina ndi 47, ndipo palibe poyambira kuwerengera.

Chinthu china cholembedweratu ndi mlingo wa ngozi imene tavomera kuisenza. Ngakhale wolongedza atakhala wolungama, nthawi zina maere angatipatse matumba opepuka okhaokha, ife n'kumunamizira. Tiyenera kunena kuti tikulola zoterezi zichitike kangati. Mwambo wofala ndi wa 5 pa 100 alionse, ndipo umalembedwa α = 0.05. Nambalayi sinatsike kumwamba. Inafala kwambiri chifukwa cha Ronald Fisher, katswiri wa ku England amene ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted, ndipo buku lake la 1925 lophunzitsa ofufuza njira za sitatisitiki linautenga mlingowu ngati malire oyenera. Pamene kunamizira kungapweteke kwambiri, ofufuza amatsitsa mpaka 0.01.

Kenako pali kasankhidwe ka matumba. Onse 400 apatsidwe manambala, ndipo 9 asankhidwe mwamaere, kaya potola timapepala m'chipewa kapena pa kompyuta. Tibwereranso ku mfundoyi, chifukwa mayeso ambiri amaonongekera pamenepa.

Kuwerengera

Matumba apimidwa, ndipo sikelo yaonetsa makilogalamu awa: 48.0, 48.5, 48.8, 49.0, 49.5, 49.8, 49.9, 50.3 ndi 50.8. Tikaphatikiza tipeza 444.6, ndipo tikagawa ndi 9 avareji ndi 49.4 kg. Yaperewera ndi 0.6 kg, kapena kuti magalamu 600.

Pano mlimi wopsa mtima anena kuti nkhani yatha. Koma tikanatola matumba 9 ena pa mulu womwewo, avareji sikanakhala 49.4. Mwina ikanakhala 49.8, mwina 50.1. Avareji ya sampulo imayendayenda, ndipo tisananene kuti magalamu 600 ndi ambiri tiyenera kudziwa kuti imayendayenda mtunda wautali bwanji. Ntchito yonse ya mayesowa ndi kufanizira zinthu ziwirizi: kuperewera kumene taona, ndi kuyendayenda kumene kumabwera ndi maere okha.

Tiyamba ndi kuyeza mmene matumbawo asiyanirana okhaokha. Pa thumba lililonse tichotsa avareji. Thumba la 48.0 lili pansi ndi 1.4, la 48.5 lili pansi ndi 0.9, mpaka la 50.8 limene lili pamwamba ndi 1.4. Tikangophatikiza kusiyanaku tipeza ziro, popeza za pansi ndi za pamwamba zimafafanizana. N'chifukwa chake nambala iliyonse timayamba taichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kupeza 1.96, 0.81, 0.36, 0.16, 0.01, 0.16, 0.25, 0.81 ndi 1.96. Zonse pamodzi ndi 6.48. Tigawa ndi 8, tipeza 0.81, ndipo sikweya ruti ya 0.81 ndi 0.9. Nambala imeneyi imalembedwa s, ndipo ikutiuza kuti thumba wamba limatalikira avareji ndi pafupifupi 0.9 kg.

Tagawa ndi 8 osati 9 chifukwa kusiyana konseku tinakuyeza kuchokera pa avareji imene tapanga ndi manambala omwewo. Mukadziwa kusiyana kwa matumba 8, kwa thumba lotsalalo mwakudziwa kale, popeza zonse ziyenera kuthera pa ziro. Manambala omasuka ndi 8 okha, ndipo pa kompyuta mudzaona atalembedwa df = 8. Kugawa ndi 9 kumachepetsa kumwazikana kwenikweni. Pa Excel, lamulo loyenera pano ndi STDEV.S. Mukalemba STDEV.P mupeza 0.85 m'malo mwa 0.9, ndipo umboni wanu uoneka wamphamvu kuposa mmene ulili. Makakyuleta a kusukulu nawonso amakhala ndi zonse ziwiri moyandikana, ndiye chala chisamathamange.

Koma 0.9 ndi kumwazikana kwa thumba limodzilimodzi. Avareji ya matumba 9 siyendayenda kwambiri choncho, chifukwa thumba lolemera limakwirira lopepuka. Kuti tipeze kuyendayenda kwa avareji, tigawa s ndi sikweya ruti ya chiwerengero cha matumba. Sikweya ruti ya 9 ndi 3, ndipo 0.9 kugawa ndi 3 ndi 0.3 kg. Umenewu ndiye muyezo wathu. Avareji ya matumba 9 imaphonya avareji yeniyeni ndi pafupifupi magalamu 300, nthawi zina mochepera, nthawi zina mopitirira.

Tsopano funso lafupika: magalamu 600 ndi miyezo ingati ya magalamu 300?

```
t = (x̄ − μ0) / (s / √n)
t = (49.4 − 50) / (0.9 / 3) = −2.0
```

Avareji yathu ili miyezo iwiri pansi pa pamene wolongedza anati iyenera kukhala. Nambala ya t siitanthauza china choposa pamenepa.

Kodi miyezo iwiri ndi patali?

Yankho linachokera ku fakitale yofulula mowa. William Sealy Gosset ankagwira ntchito ku kampani ya Guinness mumzinda wa Dublin ku Ireland, kumene ankayenera kuweruza ubwino wa balere ndi zofululira zina pogwiritsa ntchito masampulo ochepa kwambiri. Njira zimene zinalipo zinkagwira bwino ntchito pa masampulo aakulu. Gosset anaona kuti sampulo ikakhala yaing'ono, s nayenso ndi nambala yongoyerekeza imene ikhoza kuphonya kwambiri. Ukatola matumba ofanana mwangozi, s amachepa, t n'kutupa popanda chifukwa chenicheni. Anawerengera mmene t ayenera kumwazikira pa masampulo otere, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1908 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Biometrika. Kampani sinkalola antchito ake kufalitsa kafukufuku m'maina awo, choncho anasaina kuti Student, ndipo mpaka lero mayesowa amadziwika ndi dzina limeneli.

Tebulo la t limene lili kumapeto kwa buku lililonse la sitatisitiki ndi chipatso cha ntchito imeneyo. Pitani pa mzere wa df = 8, pa danga la 0.05 la mbali imodzi, mupeza 1.860. Tanthauzo lake ndi lakuti ngati avareji yeniyeni ndi 50, maere okha amatsitsa t kupitirira −1.860 maulendo 5 okha pa 100. Yathu ndi −2.0, yadutsa malirewo. Motero tikukana H0.

Pa kompyuta, pulogalamu ya R imachita zonsezi ndi mizere iwiri:

```
matumba <- c(48.0, 48.5, 48.8, 49.0, 49.5, 49.8, 49.9, 50.3, 50.8)
t.test(matumba, mu = 50, alternative = "less")
```

Pa sikirini padzatuluka t = -2, df = 8 ndi p-value = 0.04026. Amene ali ndi Excel alembe =T.DIST(-2,8,TRUE) ndipo apeza nambala yomweyo. Popeza 0.04 ndi yochepera 0.05, chigamulo ndi chimodzimodzi ndi cha pa tebulo. Njira ziwirizi sizingatsutsane, ndi msewu umodzi wongolowera mbali zosiyana.

Nambala ya p imeneyi ndi imene imasokoneza anthu koposa zonse, osati ophunzira okha komanso ofufuza amene anatha zaka pa ntchito, moti mu 2016 bungwe la akatswiri a sitatisitiki la ku America linachita kutulutsa chikalata chochenjeza za kagwiritsidwe ntchito kake. Tiyeni tiimasulire pang'onopang'ono. Yerekezani kuti wolongedza akunena zoona, avareji ya mulu wonse ndi 50 kg. Yerekezaninso kuti makalabu 100 atola matumba 9 mwamaere, kalabu iliyonse payokha, n'kuwerengera t. Makalabu pafupifupi 4 okha ndi amene angapeze t wotsika ngati wathuyu kapena kuposerapo. Ndiye ife tili pa mphambano. Mwina ndife amodzi mwa makalabu 4 atsokawo, kapena mawu a wolongedza si oona. Tinagwirizana kale kuti zikachepera 5 pa 100 tidzasankha zachiwirizi.

Zimene p sakunena n'zakuti mwayi woti wolongedza ndi wolungama ndi 4 pa 100. Chiganizo chimenechi chimamveka chofanana ndi chapamwambacho koma n'chotembenuzidwa. Nambala ya p tinaipeza titavomera kale kuti H0 ndi yoona, ndiye singabwererenso kudzatiuza mwayi woti H0 ndi yoona. Ikunena za manambala amene tapeza, osati za mtima wa wolongedza. Sikunenanso kuti kuperewerako n'kwadala. Makina osokonekera, chinyezi chouma m'nyumba yosungiramo katundu, kapena munthu woboola matumba panjira, zonsezi zingatulutse t yemweyu.

Mbali imodzi kapena ziwiri

Pali chifukwa chimene ndinaumirira kuti H1 ilembedwe sikelo isanagwire ntchito. Tiyerekeze kuti wopima si kalabu ya alimi koma woyang'anira makina ku fakitale. Iye amadandaula mbali zonse, chifukwa matumba akaperewera makasitomala akwiya, akapitirira kampani iluza feteleza. Ganizo lake lachiwiri likhala lakuti μ ≠ 50. Pamenepo ngozi ya 5 pa 100 ija imagawidwa pawiri, theka kumunsi, theka kumtunda, ndipo malire amasunthira kutali. Pa df = 8 amakhala 2.306 mbali zonse. Nambala yathu ya −2.0 siifika pamenepo, ndipo p amawirikiza kawiri kukhala 0.08. Matumba omwewo, sikelo yomweyo, koma woyang'anira makina sakana H0.

Wina anena kuti kodi zimenezi si matsenga? Ayi, ndi mafunso awiri osiyana. Alimi anaika ngozi yawo yonse mbali imodzi, ndipo posinthanitsa anavomera kuti ngakhale matumba atapezeka olemera 52 kg, mayeso awo sakanenapo kanthu. Chinyengo chimabwera pamene munthu wayamba ndi funso la mbali ziwiri, waona p wa 0.08, kenako n'kusintha funso kukhala la mbali imodzi kuti apeze 0.04. Wotereyu ngozi yake yonamizira salinso 5 pa 100 monga akulembera mu lipoti. Ngati amasankha mbali ataona kale kumene manambala apendekera, ngoziyo ndi 10 pa 100. Malangizo anga kwa wophunzira ndi akuti ngati simungathe kufotokoza chifukwa chimene mbali inayo ilibe ntchito kwa inu, gwiritsani ntchito mbali ziwiri.

Chitsanzo chomwechi chikuonetsanso phindu la ntchito ya Gosset. Wophunzira amene watsegula tebulo la z m'malo mwa la t apeza malire a 1.96 pa mayeso a mbali ziwiri, ndipo −2.0 awadutsa. Akana H0 pamene samayenera kutero. Tebulo la z ndi la pamene kumwazikana kwa mulu wonse kukudziwika kale, zimene sizichitikachitika. Ngati s mwamuwerengera nokha kuchokera pa sampulo, tebulo lanu ndi la t. Sampulo ikakula matebulo awiriwa amayandikana, moti pa matumba mazana angapo kusiyana kwake sikuonekanso.

Nanga woyang'anira makina uja alembe chiyani? Asalembe kuti watsimikiza kuti avareji ndi 50. Pa bwalo la milandu, woimbidwa mlandu akamasulidwa chifukwa umboni ndi wosakwanira, sizitanthauza kuti bwalo laona kuti sanapalamule. N'chimodzimodzi pano. Mawu oyenera ndi akuti matumba 9 amenewa sanapereke umboni wokwanira wokanira 50. Njira yabwino yoonera zimenezi ndi kutenga avareji ija, 49.4, n'kuchotsa ndi kuonjezera 2.306 kuchulukitsa ndi 0.3, kumene ndi pafupifupi 0.69. Tipeza mpata woyambira 48.71 kufika 50.09. Nambala iliyonse ya mu mpata umenewu ikugwirizana ndi zimene sikelo yaonetsa. Nambala ya 50 ilimo, koma ili m'mphepete, ndipo 49 ilimonso. Woyang'anira wanzeru akaona mpata wotere sagona tulo, amakapimanso matumba ena.

Pamene masamu ali bwino koma yankho n'lolakwika

Kompyuta imalandira manambala alionse n'kutulutsa p mosafunsa kumene achokera. Ntchito yofunsa ndi yanu.

Tibwerere ku kasankhidwe ka matumba. Ngati alimi anayendayenda pa mulu akunyamula matumba n'kupatula amene akuoneka ofwamphuka, avareji ya 49.4 ilibe tanthauzo, ndipo p wa 0.04 ndi nambala yachabe. Masamu onse aja anaima pa mfundo yoti thumba lililonse linali ndi mwayi wofanana wosankhidwa. Kutola a pamwamba pa mulu okha, poti ndi osavuta kutsitsa, nakonso n'kolakwika. Matumba oyandikana nthawi zambiri anathiridwa motsatizana, pa makina amodzi, ola limodzi. Ngati makinawo anasokonekera kwa mphindi zochepa zokha, matumba 9 oyandikanawo akukuuzani nkhani imodzi kokabwereza, osati nkhani 9 zosiyana.

Sikelo nayo iyesedwe. Ngati imawerenga mochepera ndi theka la kilogalamu, ndiye kuti kuperewera kwenikweni ndi magalamu 100 okha, ndipo t akanakhala pafupifupi −0.33, nambala yosadabwitsa munthu. Kupima matumba ochuluka sikuchiza vutoli, kumangolikulitsa, chifukwa thumba lililonse limalandira bodza lofanana ndipo p amanka natsika. Ku Malawi masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards. Pa kalabu, chochepetsetsa chimene mungachite ndi kuyamba mwaikapo chinthu chimene kulemera kwake mukukudziwa bwino.

Vuto lina limadabwitsa ophunzira ambiri. Tiyerekeze kuti thumba lopepukitsitsa lija silinali 48.0 koma 44.0, chifukwa linang'ambika panjira. Avareji itsika kufika 48.96, ndipo mungaganize kuti umboni wa alimi wakula. Werengerani muone. Thumba limodzilo likweza s kuchoka pa 0.9 kufika pafupifupi 2.0, muyezo uja ukwera kufika 0.67, ndipo t akhala pafupifupi −1.57. Sanafikenso pa −1.860. Kuperewera kwakula koma mayeso akulephera kukana H0, chifukwa thumba lachilendo latupitsa nambala yogawira kuposa mmene latupitsira yogawidwa.

Mayeso a t pa sampulo yaing'ono amadalira kuti kulemera kwa matumba kwaunjikana pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse, popanda ena otayika kutali. N'chifukwa chake musanawerengere kanthu, lembani mzere pa pepala n'kuika kadontho pa thumba lililonse. Pa manambala athu oyamba timadontho tayala bwino kuyambira 48.0 mpaka 50.8, palibe kamene kali kokha. Kadontho ka 44.0 kangaonekere patali. Mukakaona, pitani mukaone thumbalo. Ngati lang'ambikadi, pali chifukwa cholichotsera, ndipo mu lipoti munene kuti mwalichotsa komanso chifukwa chake. Ngati lili lolimba, losokedwa bwino, simungalitaye chabe poti likukusokonezerani yankho. Sampulo ikakhala yokulirapo, matumba 30 kapena 40, avareji yake imakhala ndi khalidwe labwino ngakhale matumbawo asanayale mofanana kwenikweni, koma thumba lotayika kutali limafunikabe kulifufuza.

Matumba angati?

Ngozi imene takhala tikuitchula ndi yonamizira wosalakwa. Jerzy Neyman ndi Egon Pearson, amene anakonza mbali imeneyi ya maphunzirowa cha m'ma 1930, anaonetsa kuti pali ngozi yachiwiri, yolephera kugwira vuto limene lilipodi. Imeneyi α saiteteza. Tiyerekeze kuti zoona zake n'zakuti makina akuthira avareji ya 49.5 kg, ndipo kumwazikana ndi 0.9 monga tapezera. Kalabu yopima matumba 9 ingakane H0 maulendo pafupifupi 45 okha pa 100. Maulendo otsalawo ibwerera kunyumba ikunena kuti palibe umboni, pamene theka la kilogalamu likusowadi. Kalabu yopima matumba 25 ingagwire vutoli maulendo pafupifupi 85 pa 100. Choncho alimi athu aja, ngati kuperewerako kulipodi, anachita mwayi kukugwira ndi matumba ochepa chotere.

Sikweya ruti ija ndiyo imalamulira mtengo wa ntchitoyi. Kuti muyezo wa 0.3 utsike ndi theka, simupima matumba 18 koma 36. Pa matumba 36, avareji ndi s zikakhala zomwezija, muyezo ndi 0.15, t ndi −4.0, ndipo p amatsika pansi pa 0.001. Pamenepo alimi ndi woyang'anira makina sangasiyanenso maganizo.

Komano sampulo yaikulu ili ndi msampha wake. Fakitale itapima matumba 900 n'kupeza avareji ya 49.93 kg, muyezo ungakhale 0.03, t ndi pafupifupi −2.33, ndipo p wa mbali imodzi ndi pafupifupi 0.01. Nambalayi ndi yaing'ono kuposa ya alimi ija, koma kuperewera kwake ndi magalamu 70 pa thumba, kumene palibe mlimi angakwerere minibasi kukadandaula. Kuchepa kwa p kumangosonyeza kuti kusiyana kumene taona n'kovuta kukufotokoza ndi maere okha. Sikusonyeza kukula kwa kusiyanako. Kukula kumaonekera pa makilogalamu. Kwa kalabu ija, magalamu 600 pa matumba 400 ndi 240 kg, pafupifupi matumba 5 athunthu, ndipo imeneyi ndi nambala imene msungichuma wa kalabu angaimve.

Lipoti la wophunzira lisamangothera pa mawu oti takana H0, chifukwa kunja kwa kalasi palibe amene angawamve. Liyenera kunena mmene matumba anasankhidwira, chimene chinapezeka, ndi kukula kwa chikayikiro chotsala. Pa nkhani yathuyi lingalembedwe motere: matumba 9 osankhidwa mwamaere pa matumba 400 anali ndi avareji ya 49.4 kg ndi s wa 0.9 kg. Poyesa ngati avareji ya mulu wonse ili pansi pa 50 kg, pa mlingo wa 0.05 umene unasankhidwa kupima kusanayambe, t anali −2.0 pa df = 8, ndipo p anali 0.04. Pali umboni woti matumbawa akuperewera, ndipo kuperewerako kukuyerekezedwa kukhala magalamu 600 pa thumba, ngakhale kuti ndi matumba 9 okha kukhoza kukhala kochepa kwambiri kapena kopitirira kilogalamu imodzi. Kalabu ikafuna kupita kwa wogulitsa ndi nambala yolimba, itolenso mwamaere matumba ena osachepera 25, ichiteretu chiwerengerocho isanayambe, ndipo iwapime pa sikelo yoyesedwa wogulitsayo ali pomwepo.